Matiresi Amene a Kamba Sanagonepo

Dzina loti Kamba anawapatsa ndi anzawo a pasitolo. Akasenza matiresi kumsana nkuyamba kukwera masitepe, munkangoona miyendo iwiri ndi kamutu kosuzumira pansi, ngati kamba m'chigoba chake. Analowa ntchitoyo ndevu zisanamere, anaisiya imvi zili mbuu. Ntchito yake inali imodzi, kunyamula matiresi kuchoka m'sitolo kukafika kuchipinda cha wogula.

Matiresi ankawadziwa ndi msana. Wogula akamadina siponji ndi chala, iwo ankati, "Musadine, nyamulani. Siponji yolemera ndi yothinana mkati, imakhala zaka osafwefwenthera. Yopepukayo ndi mpweya okhaokha, chaka chino ndi matiresi, chaka chamawa ndi dzenje."

Msana womwewo ndi umene unawachotsa ntchito. Unayamba kulasa m'chiuno, ululu nkumatsikira kumwendo, mpaka m'mawa ankadzuka mochita kugwira khoma. Dokotala anati asiye kunyamula, ndipo azigona pamalo osalowa, poti msana uziwongoka. Mkazi wawo anali atamwalira kale, ndiye mwana wawo wamwamuna anati abwere azikhala kwake, m'kachipinda ka kuseri, ka denga lamalata lotsika, kopanda siling'i.

Tsiku lotsanzika, bwana wa sitolo anati, "A Kamba, sankhani matiresi amodzi, alionse. Mwagoneka anthu ambiri, kagoneni nanunso."

Mwanayo ndi mkazi wake anabwera kudzawathandiza kusankha. Mlongo wawo wa a Kamba, wogulitsa malasha, anabweranso, manja ali bii.

A Kamba anali atasankha kalekale mumtima. Anatsimphina molunjika pakona, nkusisita matiresi ang'ono, a munthu mmodzi, a ulusi wa makoko a kokonati woumbidwa ndi labala, ndi kasiponji kochepa pamwamba.

"Awa. Salowa, msana umagona chowongoka. Komanso mpweya umadutsa mu ulusimu. Kachipinda kaja masana ndi uvuni."

Mpongozi wawo anakhalapo, nkudzuka msanga. "Iii Bambo, limeneli si benchi la kuchipatala?"

"Benchi ndi limene msana wanga ukufuna, mayi."

"Amakhala zaka zingati?" anafunsa mwanayo.

"Zochepa kuposa enawa. Ulusi umaphwatalala pomwe umagonapo, ndipo ukanyowa umachita nkhungu. Koma zaka zingapo amafika."

"Ndiye mwayi umodzi womwewu mutenge chinthu chosakhalitsa? Nanga siponji yolemera mumaitama ija?"

"Imeneyo ndiye yokhalitsa, msana imaugwiranso bwino. Koma siponji imasunga kutentha. Pansi pa malata paja ndingaphikike."

Mwanayo anali atafika kale pakati pa sitolo, pa matiresi a masipuling'i, aakulu, a anthu awiri, okhuthala ofika m'mawondo, nsalu yake yoyera yamaluwa. Anadzigwetsapo chagada nkunjanja.

"Nanga awa, Bambo? Amatentha?"

A Kamba sankadziwa kunama pa nkhani ya matiresi. "Satentha, mkatimo ndi mphepo yokhayokha. Awa waya wake ndi wabwino, amakhala zaka zambiri, bola osawanyowetsa ndiponso ana asamadumphepo. Koma pamwamba pake ndi pofewa, chiuno changa chingalowe. Ndipo ndi aakulu."

"Ukulu ndi vuto? Tengani chinthu chokhalitsa, Bambo. Chinthu choti chidzatsale."

Chidzatsale. A Kamba analimva liwulo. Moyo wawo wonse anali woyeza zitseko ndi maso, ndipo kachipinda kaja anali atakaona. Matiresi amenewo sakanagona pansi m'menemo, ndipo masipuling'i sapindika ngati siponji. Anayang'ana mwana wawo. Anaona kuti nayenso akudziwa.

Mlongo wawo analephera kupirira. "Iwe, chidzatsale kwa ndani? Msana ukuwawawu ndi wako?"

"Azakhali, inu mumadziwa malasha. Izi tisiyireni."

"Achimwene, yankhulanitu! Mphatsoyi ndi yanu."

A Kamba anaganiza za kachipinda kaja. Kanali ka eni ake, ndipo kwina kopita kunalibe. Kwa mlongo wawo kunali chipinda chimodzi, ana ndi matumba a malasha mommo.

"Tengani amasipuling'iwo," anatero.

Bwana anawayang'ana nthawi yaitali. "Mwatsimikiza, a Kamba?"

"Ndi abwino, bwana. Ndawanyamulapo ambiri."

Aka kanali koyamba kuona matiresi akunyamulidwa ndi ena iwo akungoyenda pambuyo, manja lende. Atafika kunyumba, anyamata a kusitolo anayesa kuwalowetsa m'kachipinda kaja chopingasa, anayesa choimika. Analowa theka nkukakamira pakhoma.

"Ayambe akhala kuchipinda kwathu," anatero mpongozi, "mpaka tikonze malo. Inu mugwirizire athuwa, ndi ofewa bwino."

Athuwo anali siponji yokhuthala koma yopepuka, ija a Kamba ankaletsa anthu kugula. Inali ndi maenje awiri, la mwamuna ndi la mkazi, ndi kaphiri pakati. Anaidula ndi mpeni kuti ikwane, a Kamba nkulandira dzenje la mwana wawo.

Chiuno chinkalowa mpaka kukhudza matabwa a bedi, msana nkupindika ngati uta. Siponji yotha ija inkawakumbatira m'mbali, thukuta lili kamukamu. Mlongo wawo anabweretsa chitseko chakale nkuika pansi pake. Chinathandiza pang'ono, koma dzenje linali mu siponji mwenimwenimo. Tsiku lina mlongoyo anawapeza atagona pasimenti.

"Achimwene, ndi chiyani ichi?"

"Pano mpozizira. Ndipo simenti ili ndi galanti, siphwa."

Anaseka okha. Mlongoyo sanaseke, poti kuwadzutsa pamenepo inali nkhondo, ndipo mafupa a m'chiuno anali atayamba kufiira. Anapita kukagogoda kwa mwana uja.

"Malo aja mukukonza mpaka liti?"

"Azakhali, mukufuna tigwetse khoma?"

"Bwezani matiresiwo kusitolo, mukatenge a kokonati aja."

"Ogonapo kale salandira. Afunseni eni akewo, lamulolo akulidziwa."

A Kamba anavomera kuti nzoona, salandira. Anamupempha mlongo wawo kuti asiye phokoso, iwo ndi mlendo pakhomopo.

Nyengo yotentha itafika anasiya kudzuka. Chimene chinadzawapha si msana, dokotala anati ndi mtima. Koma miyezi yawo yomaliza sanagone tulo toti nkutchula tulo. Munthu amene anakweza matiresi m'nyumba zosanja za anthu osawadziwa, ena osamupatsa ndi madzi akumwa omwe, ankangotembenuka m'dzenje la mwana wake, kwinaku akumva kuseri kwa khoma anthu akuliza mkonono. Mlongo wawo ankawapukuta thukuta ndi kansalu konyowa, nkuwatembenuza kuti zilonda zisakule. Tsiku lina masana anamugwira dzanja.

"Pakona paja akadalipo?"

"Chiyani, achimwene?"

"Akokonati aja. Ukadutsa kusitolo uwauze anyamata asawatsamiritse kukhoma lachinyontho lija."

Anthu atabalalika pamaliro, mlongoyo analowa m'kachipinda kaja kukachotsa zofunda. Ananyamula siponji ija ndi dzanja limodzi. Inali yopepuka kuposa thumba la malasha lopanda kanthu, dzenje lili pomwepo, lakuda ndi thukuta. Potuluka nayo anapeza chitseko cha chipinda chachikulu chili chotsekula, mwana uja akuonetsa mlamu wake bedi.

"Dinani muone. Ngati atsopano, olo kulira salira. Bambo ankadziwa kusankha."

Mlongoyo anaima pakhomo, siponji ili m'manja.

"Azakhali, imeneyo mukataye kudzala," anatero mwanayo. "Munthu sangagonepo."