Ndege ya nsungwi ya agogo Kamwendo

Fungo la guluu ndi mafuta a tcheni likandipeza pena paliponse, ndimaona agogo anga a Kamwendo atakhala pa ndowa yovundikira m'kashedi ka kuseri kwa nyumba yathu ku Highfields, atavala majuzi awiri ndi chipewa cha ubweya, mvula ikuwaza pa denga, iwo akusenda nsungwi ndi kampeni kotha msana. Anakonza njinga ku Limbe moyo wawo wonse. Amayi, omwe anali namwino, atawaitanitsa ku Leicester, manja aja anasowa chogwira. Ankangokhala pawindo kuwerenga mabasi, ndipo anzanga ankawatcha chidole cha pawindo. Ndivomere, ndinkachita nawo manyazi.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, aphunzitsi analengeza kuti pa tsiku la sayansi aliyense abwere ndi chinthu chouluka. Mtsikana wina anafunsa mokweza ngati chidole chija chindithandize. Mtima unandiwawa, pakamwa panathamanga. Ndinalumbira kalasi yonse ikumva kuti ndege ya agogo anga idutsa holo yonse, khoma mpaka khoma.

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Tadala, wandigulitsa ndisanapse! Chabwino, bweretsa mawaya."

Anaipanga ngati galimoto za mawaya za ana a ku Ndirande, yokongola, ya mawindo ndi matayala a zitsekerero. Kutsogolo tinamangako kamota ka chidole. Inalira bwino, nkugwa ngati sipanala.

Mawa lake ndinabwereka buku ku laibulale. Ndinkawerenga Chingelezi nkumawamasulira m'Chichewa changa chopunduka, iwo akundikonza. Tinamva za Mjeremani wina amene anaona kuti phiko lokhota ngati la mbalame limanyamula kuposa lathyathyathya, chifukwa limakankhira mphepo pansi, mphepoyo nkulikankhira m'mwamba. Ankathamanga kutsetsereka phiri atakoleka mapiko opanda injini, nkumawongola poponya miyendo uku ndi uku. Tsiku lina mphuno ya ndege yakeyo inadzuka kwambiri, mphepo inaleka kugwira mapiko, thupi lake linalephera kubweza, anagwa nkufa. Mngelezi winanso anafa pa ndege yotere m'dera lathu lomwelo la Leicestershire. Kenaka panabwera abale awiri a ku America, okonza njinga.

"Bwereza pamenepo," anatero agogo.

"Okonza njinga, agogo."

Anavula chipewa. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ndinaona mano awo onse.

Abalewo sanayambe ndi injini. Anati vuto ndi kuwongola. Anaona mbalame zikupotoza nsonga za mapiko pokhota, ndipo mmodzi atapotoza kabokosi ka chubu cha njinga m'manja anazindikira kuti mapiko angapotozedwenso chimodzimodzi ndi zingwe: mbali imodzi ikumane ndi mphepo mopendekeka kwambiri nkukwera, inayo itsike. Anayesa pa kaiti, kenaka pa ndege zopanda injini pa milu ya mchenga ya mphepo yambiri.

"Mwana sumupatsa njinga yamoto asanadziwe kukhazikika pa yakapalasa," anatero agogo, akuchotsa kamota kaja. "Ife tinayambira kumchira."

Tinasiya mawaya, tinatenga nsungwi zomwe amayi ankaimikira nyemba, nkuzisenda mpaka kupyapyala, nkuzikuta ndi pepala lofewa. Loweruka lililonse tinkapita pa chitunda cha paki ya Spinney Hill kukaiponya. Inkayandama pang'ono nkutera msanga. Bukulo linati abale aja zinawachitikiranso: mapiko awo sankanyamula monga manambala a anzawo akale ankanenera. Anasiya kukhulupirira manambalawo, napanga bokosi lalitali lopemereramo mphepo, nayesamo timapiko pafupifupi mazana awiri pa sikelo ya masipoko a njinga. Agogo atamva za masipoko sanadikire. Anatenga katoni, fani ya amayi, ndi sipoko yopinda, tinayesa timapiko tisanu ndi tiwiri. Lalitali, lopapatiza, lokhota pang'ono ndi limene linakweza sipoko kuposa onse, monga anapezera iwo aja.

Amayi pochokera ku shifiti anapeza nyemba zili pansi. "Bambo, mukundisitiresa! Fani yanga ili kuti?"

"Ili ku ntchito, mwanangu, ngati iwe."

Phiko latsopano linayandama mpaka kumunsi kwa chitunda, koma tikalipotoza kuti likhote, ndege inkatembenukira kolakwika nkuzungulira pansi. Ndinalira. Agogo anandiuza ndiwerenge patsogolo. Phiko limene lanyamula kwambiri limakokedwanso kwambiri ndi mphepo, choncho limatsalira nkukokera mphuno mbali yake. Abale aja anathetsa izi pomasula chipsepse cha kumchira kuti chizitembenuka pamodzi ndi kupotoza kwa mapiko, pomwe kaphiko kena ka kutsogolo kankakweza ndi kutsitsa mphuno. Atauluka kambirimbiri opanda injini, ndi pamene anapanga injini yopepuka ndi mapulopela awiri, omwe ndi mapiko ozungulira okankhira mphepo kumbuyo, oyendetsedwa ndi matcheni. Mu Disembala 1903 ndege yawo inanyamuka yokha, munthu ali momwemo, kwa masekondi khumi ndi awiri.

Yathu injini inali mphira wopota, pulopela agogo anasema okha. Tinamaliza usiku woti mawa lake ndi tsiku la sayansi lija, osapeza mpata woiyesa pamalo aakulu.

Holo inadzaza makolo. Agogo anavala suti yawo ya ku tchalitchi, nakhala kutsogolo manja ali pa mawondo. Ndinapota pulopela, ndinaponya. Inanyamuka, inapendekera kumanzere, nkukagwera m'mipando. Kuseka kunayambira kumbuyo. Aphunzitsi anati aliyense ali ndi mwayi kawiri.

Ndinathamangira kwa agogo. "Ikonzeni, chonde!"

Manja awo sanasunthe. "Yagwera kuti?"

"Kumanzere."

"Chifukwa?"

Ndinaganiza. Pachitunda sinkatero, chatsopano chinali pulopela. Ikamazungulira mbali imodzi, imapotokolera ndege mbali inayo. Ndi chifukwa chake abale aja anaika awiri ozungulira mosiyana. Ife tinali ndi imodzi. Ndinauzira mpweya wofunda pa nsonga ya phiko lakumanzere, ndinapindira m'mphepete mwake mwa kumbuyo pansi pang'ono kuti linyamule kwambiri. Ndinatsala pang'ono kuponya, agogo anakhosomola.

"Wapatsa phiko ntchito, nanga mchira wauuza?"

Ndinakhotetsa chipsepse kumanja pang'ono.

Inachoka m'manja mwanga mwakachetechete, pulopela ikungoti phephephe, inakwera pamwamba pa mitu ya anthu, yowongoka ngati yoyenda pa chingwe. Holo yonse inatembenuza makosi. Mphira utatha, sinagwe. Inayandama monga inkachitira pachitunda, mpaka mphuno inakagunda khoma la kutsidya.

Amayi analuluta, nthungululu yeniyeni ya kumudzi m'sukulu ya ku Leicester, azungu mpaka kudzidzimuka. Agogo anaimirira nkumavina ndi mapewa okha. Ndinawagwira dzanja, ndinawakokera pakati pa holo, ndinakuwa m'Chingelezi kenaka m'Chichewa kuti aliyense amve: "Awa ndi agogo anga!"

Anamwalira ndili ku yunivesite. Lero ndimagwira ntchito ku Derby, yoyeza zipsepse za injini za ndege, ndipo ophunzira ntchito amabwera kwa ine atanyamula chinthu chokanika, maso ali pa manja anga. Manjawo amayabwa, chifukwa ndikhoza kuchikonza pa mphindi imodzi. Ndimawakhazika pa mawondo, nkufunsa kuti chagwera kuti.