Botolo la mbewu za amayi

Amayi atamwalira mu Juni, m'nyumba mwawo sitinakhudzemo kanthu. Mvula itagwa mu Novembala ndi pamene achimwene anga, amene anatsala kumudzi kufupi ndi Chonde, anakumbukira mawere. Mbewu imeneyo makolo athu anabwera nayo kuchokera ku Mozambique, ndipo m'mudzi monse amayi okha ndiwo ankailimabe.

Ine ndinali ku Limbe, komwe ndimasoka zovala pakhonde la sitolo. Foni inalira m'mawa. Chinali chithunzi cha botolo lopanda chizindikiro, lodzaza timbewu tofiirira.

"Achemwali, awa ndi mawere kapena mpiru?" anafunsa achimwenewo ataimba. "Botolo lake ndi lokhali. Nthaka yanyowa, ndikufuna kufesa lero."

Ndinakulitsa chithunzicho mpaka chinangosanduka matope. Mawere ndi mbewu ya mpiru zonse n'zozungulira, zazing'ono, zofiirira. Ndinapalira mawere ubwana wanga wonse, koma apa ndinalephera kusiyanitsa. Ndinakhala pamakina, ndinadzuka, ndinakhalanso. Mpendero wa siketi ya munthu ndinausoka mokhota n'kuusomola kawiri.

"Mwajambulira m'nyumba," ndinawauza. "Tulukani panja, koma pamthunzi. Thirani pang'ono papepala loyera, muikepo kamtengo ka machesi pambali."

Netiweki yakumudzi inavuta. Pafupifupi ola lonse ndinkangoyang'ana foni, kasitomala akundilankhula ine osamva. Achimwene anachita kukwera pachulu kuti chithunzi chidutse.

Chitafika, ndinaona timbewu tina tofiira ngati njerwa, tosawala, tokhala ndi kadontho kakuda. Tina tinali todera kwambiri, tozungulira bwinobwino ngati timipira. Mwina n'kuwala chabe? Sindinadzikhulupirire.

"Patulani tofiira kwaokha, todera kwaokha. Muphwanye ndi supuni, mujambulenso."

"Mukundivutitsatu inu. Dzuwa likukwera."

"Phwanyani, achimwene."

Chithunzi chachitatu chinathetsa nkhani. Tofiira tinasiya ufa woyera, wouma. Todera tinali tachikasu m'kati, ndipo tinasiya banga la mafuta papepala. M'botolomo munali zonse ziwiri.

Chaka chawo chomaliza amayi maso anali atachita khungu, koma ankakana. Ankati akuona bwino, tisawavutitse ndi zachipatala. Ife tinawakhulupirira chifukwa zinali zotipepukira. Ndiye kuti anathira mbewu ziwirizo m'botolo limodzi osazindikira, ali okha m'nyumbamo.

"Ndisankhe kamodzikamodzi?" anafunsa achimwene.

"Mudzamaliza mvula itatha. Fesani momwemo."

Anafesa madzulo ake. Loweruka ndinakwera minibasi yopita kumudzi, ntchito za eni ndikuzisiya pamakina. Mpiru unali utamera kale, timasamba tiwiritiwiri, ndipo pakati pake mawere ankatuluka ngati udzu. Mpiruwo tinkauzula n'kumadya kuti usaphimbe mawere. Mbali ina mawere anamera patalipatali, mbalame nazo zinadyako. Nthawi yake itakwana tinakolola mawere ndowa imodzi yosadzaza, ndipo alamu anga, akazi a achimwene, anafuna kufulula thobwa. Ndinakana, ndinati imeneyo ndi mbewu ya chaka chamawa, mpaka tinakangana pang'ono.