Zikomo wa Hafsah sanafike m'failo

Hafsah Ishaq anakulira ku Ndirande, m'nyumba ya telala. Bambo ake anamuphunzitsa kuti munthu akakuchitira chabwino umuthokoze pomwepo, asanatembenuke. Phunzirolo analigwira ndithu. Atakwatiwa ku Machinjiri n'kukhala supavaiza pa bekale ina ya ku Chinyonga, panalibe womuposa pa nkhani ya zikomo. Pa gulupu ya WhatsApp ya antchito, iye ndiye mwini tizithunzi tija ta timanja towomba. Koma mukamupatsa pepala kuti alembe, mutu unkayamba kumuwawa.

Amene ankathokozedwa kwambiri anali a Obed Mwabi, bambo wa ku Bangwe woyang'anira uvuni, wa kontrakiti yongowonjezera chaka ndi chaka. Magetsi akazima, a Obed. Lamba wa makina okandira akaduka, a Obed. Ndipo Hafsah pafoni: "A Obed ndinu dolo!"

Joan, wosunga mafailo a antchito, anali atamuuza kangapo.

"Anti, mabwana sawerenga gulupu yanuyo. Mukayamikira munthu, mundilembere kakalata: dzina lake lonse, tsiku, chimene wachita, ndi chimene chapindula kampani. Musaine, iyenso asaine, kope imodzi atenge, ina ndiike m'failo."

"Ndilemba mawa, mwanawe."

Mawa lakelo silinkafika. Chodabwitsa n'chakuti a Obed atachedwa kuntchito masiku angapo motsatizana nthawi ya mvula, kalata yochenjeza inalembedwa tsiku lomwelo, pakuti imeneyo lamulo la kampani linkamukakamiza. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ufa utakwera mtengo, Hafsah anamva kuti makontrakiti ena sawonjezeredwa, ndipo komiti iyang'ana mafailo. Ankadziwa bwino chimene chinali m'failo ya a Obed.

Loweruka la sabata imeneyo anakhala pakhonde kwawo, foni kudzanja ili, cholembera kudzanja linalo, n'kuyamba kufufuza mauthenga akale. Manyazi anamugwira. "Ndinu dolo." Pa chiyani? "Mwatipulumutsa lero." Ku chiyani? Anayamba walemba kuti a Obed ndi munthu wakhama ndi wodalirika, koma anang'amba. Mawu otero mukhoza kumulembera aliyense, ngakhale amene simunamuonepo.

Anawaimbira eni ake kuti amukumbutse, koma a Obed anangoseka.

"Aaa madamu, inali ntchito basi. Munthu sadzitama yekha."

Ndiye anakumba yekha. Pansi pa uthenga uliwonse ankaona zimene ena anayankha, ndi zithunzi za tsikulo, mpaka nkhani zinayamba kubwerera. Analemba kuti pa tsiku lakuti, magetsi atazima mtanda uli kale m'mathireyi, a Obed anapeza chimene chinkalepheretsa jenereta kulira, ndipo buledi wa sukulu zimene bekale imaperekera anafika ana asanamwe tiyi. Analembanso za wantchito watsopano amene a Obed anamuphunzitsa kutsegula uvuni osadziwotcha. Za tsiku lomwe a Obed anamuthandiza kunyamula mayi ake odwala anazisiya, poti zimenezo zinali za kunyumba, osati za m'failo. Polemba, misozi inalengeza. Zonsezi anaziona ndi maso ake, n'kuzilipira ndi timanja ta pafoni.

Lolemba anapita nazo kwa Joan.

"Zalembedwa bwino, anti. Koma komiti inakumana Lachisanu."

Hafsah anakhala pampando osauzidwa, n'kufunsa:

"Bwanji tiike deti ya chaka chatha, tinene kuti zinasokonekera mu kabati?"

"Ayi, anti. Tsiku la zochitikalo lilembedwe m'kati, koma pamwamba ndi deti ya lero. Tikanama, pepala lonse lasanduka bodza, ndi zoona zomwe."

Hafsah anakwera kwa manijala kukapempha kuti aonenso. Anamumvetsera mwaulemu, n'kumuuza kuti makalata othetsa makontrakiti, kuphatikizapo ya a Obed, anasainidwa kale, ndipo komiti inasankha potengera zimene anapeza m'mafailo. Kenaka anamufunsa chifukwa chimene sanabweretsere mapepalawo kale. Hafsah anatola mapepala ake n'kutsika.

A Obed anabwera kudzasaina mapepala aja pa tsiku lawo lomaliza, atavula kale epuloni. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, n'kubwerezanso pa nkhani ya jenereta ija.

"Kani munkaona zonsezi, madamu?"

"Ndinkaona, bambo."

"Nanga mabwana aja anawerenga?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanamupeputsa. Koma Hafsah analimeza.

"Sanawerenge. Anangopeza kalata yochenjeza ija. Ndinachedwa ndine."

A Obed anatenga cholembera. Kenaka anasaina, napinda kope yawo mosamala, n'kuiika m'thumba la malaya.

"Ndikaonetsa kumene ndikafunsire ntchito. Zikomo, madamu."

Hafsah, amene chibadwire sanasowepo choyankha munthu akati zikomo, anangoyang'ana Joan akuboola mapepala aja n'kuwaika pamwamba pa kalata yochenjeza, m'failo imene inali kutsekedwa.