Samu ya pa thabwa la paini

"Gwirani thabwali, Bambo, lisagwedezeke."

Ndinagwira. Linali thabwa la paini lomwe ndinacheka dzulo lake, likadali ndi utomoni. Mwana wanga wachisamba anagwada pa utuchi, khala lili m'manja. Aphunzitsi ake a ku yunivesite anakhala pa chitsa, akunjenjemera ndi mphepo ya m'phiri la Dedza.

Mwanayu ankaphunzira masamu ku Zomba. Tsiku lina galimoto inabwera kudzamutenga pamodzi ndi anzake. Masiku amenewo sitinkafunsa chifukwa. Patapita zaka anamutulutsa m'ndende, ali wowonda, mano ena palibe. Ankangokhala kuseri kwa nyumba. Aphunzitsiwa anakwera basi mpaka kwathu, natipeza pa dzenje la macheka. Anati angathe kumulankhulira kwa akuluakulu kuti abwerere kusukulu, koma mwayi wake unali umodzi, ndipo nawonso ankaika khosi lawo. Ankafuna aone kaye ngati mutu ukugwirabe ntchito.

"Samu ija ya Fibonachi," anatero. "Unaichita pa bolodi anzako onse atalephera. Ichite pano."

Samuyo ndinkaidziwa ndi makutu. Pa tchuthi ankandithandiza kucheka, ine pamwamba iye pansi, akundilongosolera mpaka ndinkamuuza kuti atseke pakamwa akoke macheka. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kuphatikiza ndimatha. Umayamba ndi 1 ndi 1. Nambala yotsatira umaipeza pophatikiza ziwiri zapambuyo: 2, 3, 5, 8, 13. Anandiwerengetsapo mizere yokhota ya pa chipatso chouma cha paini. Mbali ina inali 8, mbali ina 13. Ndinali nditagwira zipatso zimenezo moyo wanga wonse osawerenga.

Mwana wanga analemba manambala anayi m'kabokosi, 1 ndi 1 pamwamba, 1 ndi 0 pansi.

"Matirikisi," anatero. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono. "Mukaipatsa 5 ndi 3, ikubwezerani 8 ndi 5. Mukaipatsa 8 ndi 5, ikubwezerani 13 ndi 8. Imangosuntha phazi limodzi."

"Ndikafuna nambala ya patali, ndiziyenda phazi limodzilimodzi?" anafunsa aphunzitsi.

"Ayi, aphunzitsi. Tipeze manambala awiriawiri amene kabokosika sikawapotoza, kamangowachulukitsa. Wochulukitsayo ndiye aigenivalu."

Analemba kuti nambala yochulukitsayo, ukaichulukitsa ndi iyo yomwe, iyenera kufanana ndi iyo yomwe kuphatikizapo 1. Anati zotero zilipo ziwiri zokha. Anatenga sikweya ruti ya 5, imene ndi 2.236 ndi kanyenyeswa. Anaiphatikiza ku 1 n'kugawa pawiri, inatuluka 1.618. Anaichotsa ku 1 n'kugawa pawiri, inatuluka 0.618 ya mainasi. Yoyambayo anaitcha yaikulu, inayo yaing'ono. Iliyonse anailemba pamwamba ndi 1 pansi pake, nati awiriawiri aja ndi amenewa.

Aphunzitsi anamwetulira, nandiyang'ana.

"Bambo, macheka anu sanamuwononge."

"Macheka sawononga munthu," ndinatero.

Ndinaganiza za sutikesi yake imene mayi ake anaisunga pamwamba pa mitanda.

Kenako mwanayo analemba yankho mofulumira, ngati munthu wothawa mvula. Anati ukafuna nambala yachisanu, chulukitsa yaikulu ndi iyo yomwe kasanu, yaing'ononso ndi iyo yomwe kasanu, uziphatikize. Anaika khala pansi.

"Yesa," anatero aphunzitsi.

Anayesa. Yoyamba inatuluka 1. Yachiwiri inatuluka 3. Kenako 4, 7, 11.

Ngakhale ine ndinaona kuti si manambala aja. Panalibe 5, panalibe 8. Iye anayang'ana thabwa, milomo ikuyenda.

"Lamulo likugwira," anatero. "3 ndi 4 ndi 7. 4 ndi 7 ndi 11."

"Likugwira, inde. Manambala ako akuyenda bwino, koma anyamukira pena. Wadumpha sitepe imodzi. Poyambira pathu ndi 1 pamwamba, 0 pansi. Pagawe pamenepo. Utenga zochuluka bwanji ku awiri a yaikulu, zochuluka bwanji ku awiri a yaing'ono? Iwe wangotola osayeza."

Anatola khala. Analemba chilembo, nachifuta ndi chala. Analembanso. Khala linayamba kugogoda thabwa. Ndinalimva m'manja mwanga.

Aphunzitsi sanali munthu woipa. Ankafuna kumuthandiza. Anadzuka pa chitsa, natola kamtengo, naima kumbuyo kwake. Anagogoda thabwa ndi kamtengoko, nakweza mawu monga amachitira aphunzitsi onse.

"Apa! Pansipa payenera kutuluka 0. Tandiuza, zitheka bwanji? Ukudziwa iwe. Nena!"

Mwana wanga anataya khala. Ananyonyomala, naika manja onse awiri pamutu, maso pansi.

"Sindikudziwa, bwana. Sindikudziwa chilichonse, bwana."

Anali ndi ndevu, munthu wamkulu. Anakhala choncho pa utuchi osagwedezeka, akudikira.

Aphunzitsi anayang'ana kamtengo kali m'dzanja lawo, nakaponya kutali. Anagwada pambali pake.

"Ndine, mwana wanga. Ndine. Tsitsa manja."

Sanatsitse. Ndinasiya thabwa, ndinamugwira mikono n'kuitsitsa ndekha. Inali youma ngati nkhuni.

Aphunzitsi anamaliza samuyo okha, mwina kuti manja awo apeze chochita. Ankalankhula motsitsa. Anati poti pansi pa onse awiri pali 1, kuti patuluke 0 uyenera kutenga muyeso umodzi, wina wophatikiza wina wochotsa. Anati yaikulu kuchotsa yaing'ono ndi sikweya ruti ya 5, ndiye kuti pamwamba patuluke 1 ugawe ndi nambala yomweyo. Anafuta chizindikiro chophatikiza, nalemba chochotsa, najambula mzere pansi, nalemba 2.236. Anayesa kasanu. Yaikulu inafika 11.09. Yaing'ono inatsala 0.09 ya mainasi, ndipo kuichotsa kunali kuwonjezera. Inakhala 11.18. Atagawa inatuluka 5.

"Ndi imeneyo," anatero. "Mizere iwiri basi. Zovuta zonse unazichita wekha."

"Inde, bwana."

"Usanditchule bwana."

"Inde, bwana."

Aphunzitsi ananditengera pambali, pafupi ndi mulu wa matabwa. Anati masamu alimo m'mutumo, palibe chimene chatayika. Koma kumeneko kuli mayeso, kuli anthu oima kumbuyo, kuli mafunso tsiku lililonse, ndipo akuluakulu adzayamba ndi kumufunsa asanamulandire. Anati mwina chaka chamawa. Ponena zimenezo ankayang'ana nsapato zawo. Ndinawathokoza chifukwa cha ulendo. Mayi a mwanayu anali atawakonzera kathumba ka mbatata ya kachewere, anakalandira ndi manja awiri. Ndinawalozera njira yachidule ya kumsewu. Sanabwerenso, ndipo sindiwaimba mlandu.

Nditabwerera pa dzenje ndinapeza mwana wanga akupukuta thabwa ndi udzu wonyowa. Anali atafuta kabokosi kale. Ankapukuta mosamala, mpaka m'mphepete.

"Lisade, Bambo. Ogula angalikane."

Analinyamula, nakaliika pa mulu pamodzi ndi ena, naliwongola ndi bondo. Kenako anayang'ana macheka amene anali atatsamira pa chipika.

"Mawa ndigwire pansi ngati kale, kapena mundiphunzitse pamwamba?"

Nkhungu inali itayamba kutsika m'mitengo. Ndinatola nkhwangwa yanga, ndinaiika paphewa, ndinalowa m'paini.