Adiresi ya Sitolo ya Alamu

Chaka chimenecho ndinkagwira ntchito m'sitolo ya alamu anga ku Kanyama, yogulitsa simenti ndi malata. Pa foni yanga panali maimelo awiri mu pulogalamu imodzi: yanga ndi ya sitolo. Ya sitoloyo alamu nawonso ankaiwerenga pa foni yawo, zolandira ndi zotumiza zomwe. Munthuyo kuwerenga ankadana nako, koma zimene sizikumukhudza ankazimaliza mpaka kumapeto.

Achemwali anga anali atatopa ndi kumenyedwa. Ankafuna ntchito yophika pa sukulu ina yogonera konko ku Chipata, kuti athawireko ndi ana. Foni yawo amuna awo, alamu omwewo, ankaisecha, choncho zonse zinkadzera pa imelo yanga. Ndinkadziwa kuti ukayankha uthenga, yankho limachokera pa adiresi imene uthengawo unafikira. Koma ukayamba watsopano, foni inkasankha yokha adiresi ya sitolo, poti ndi imene ndinaiika patsogolo. Ndiye ndisanatumize chilichonse, ndinkayang'ana kaye kamzere kapamwamba kosonyeza wotumiza.

Loweruka lina achemwali anabwera kwathu ku Chawama. Ndinawapatsa foni kuti atumize mapepala amene asukulu anapempha, ine n'kupita kukatunga madzi. Iwo sanayankhe uthenga wa asukulu umene unafikira pa imelo yanga, anayamba watsopano. Pobwera ndinapeza akumwetulira, akuti zatheka. Nditayang'ana, ndinaona kuti uthengawo wachokera pa adiresi ya sitolo.

Ndinaufufuta mu zotumizidwa, ndinaufufutanso mu zinyalala. Koma madzi akatayika sawoleka: uthenga unali utafika kale, ndipo makina a sukuluyo anali atayankha okha ku adiresi ya sitolo kuti alandira kalata yofunsira ntchito. Nalonso ndinalifufuta, osadziwa ngati foni ya alamu inali italira kale. Ndinalembera asukulu kuchokera pa imelo yanga kuti asayankhenso ku adiresi inayo. Sabata lonse lathunthu linakwana m'Lamulungu limenelo. Kutchalitchi sindinamve ngakhale nyimbo imodzi, ndinali ndi mantha.

Lolemba ndinapeza alamu atakhala pa matumba a simenti, foni ili m'manja.

"Mulamu, ni ndani afuna nchito ku Chipata?"

Ndinakumbukira kuti yankho lija linalibe dzina la munthu.

"Ndine, ba mulamu. Nalema na fumbi ya simenti."

Ananditukwana pamaso pa makasitomala, kuti ndine wosayamika, anandilanda makiyi, n'kundiuza kuti ndichotse imelo ya sitolo pa foni yanga pompo. Ndinaichotsa iwo akuona.

Madzulo ake anakafotokozera akazi awo za kusayamika kwanga, achemwali n'kumavomereza kuti ndinayamba kalekale, ndili mwana. Mwezi wotsatira ndinaperekeza achemwali kokwerera basi ya ku Chipata, iwo ndi ana. Ine ntchito ndinakhala nthawi yaitali ndisanaipeze.