Khoma la mabowo la amayi

Amayi anabwera kudzakhala nafe kuboda maso atayamba kuchita khungu. Kwathu ku Chiosya anatsala okha, ndipo ine sindinkafuna kudzamva uthenga woti agwera pamoto.

Nyumba yathu inali ya zipinda zozungulira bwalo, zitseko zonse zopenyana. Apa ndiye panagona vuto. Amayi ndi amuna anga anali apongozi enieni achikale, osayang'anizana kumaso. Bambo a ana akangotsokomola pabwalo, amayi psiti m'chipinda. Zenera lawo limodzi lomwelo analitchinga ndi chitenje, m'kati muli bii masanasana. Nawonso ana anga awiri ankathawira kumsewu, poti geti linkatsegukira komwe kumadutsa mathiraki.

Patatha mwezi ndinapeza amayi akumanga katundu.

"Mwanawe, ndibwezere kwathu. Kuno ndikukhala ngati mbewa kuuna."

Ndinapsa mtima, ndinalalata, kenako ndinakalirira kubafa. Bambo anangotuluka n'kumayendayenda pabwalo. Anthu ofatsawa amatopetsa, inu! Koma Loweruka ndinangoona ngolo ya njerwa.

Bambo anayamba ndi geti, kulisamutsira kumbali, loko ali pamwamba posafika mwana. Chitsime cha pabwalo anachivundikira ndi silabu. Amayi atapita kutchalitchi, bambo ndi mmisiri analowetsa linto, mtanda wasimenti uja, pakhoma lakum'mawa la chipinda cha amayi, kenako n'kugumula njerwa zapansi pake. Zenera latsopanoli linakhala m'mwamba, loti wodutsa panja sangasuzumire. Chitenje chija chitachoka, kuwala kunayamba kulowera mbali ziwiri, kamphepo n'kumadutsa.

Chitenjecho chinachoka chifukwa cha khoma lomwe anamanga kutsogolo kwa khonde la amayi, lalitali kupitirira mutu wa munthu. M'munsi anasiya mipata pakati pa njerwa, kuti wokhala pamkeka aziona pabwalo. Ndinafunsa kuti msinkhu wa mipatayo anayeza bwanji, poti apongozi sawayandikira ndi tepi. Anandilozera banga la mafuta pakhoma la nyumba, pomwe amayi ankatsamiritsa mutu akakhala pansi.

Katundu uja anamasulidwa. Zaka zinayi amayi anakhala kuseri kwa khomalo akusenda mtedza, kwinaku akukalipira adzukulu kudzera m'mabowo: "Iwe, tsika pamenepo!" Ana ankalowetsa zala, iwo n'kumaikamo mtedza. Bambo akamadutsa ankapereka moni kukhoma, khoma n'kuyankha mwaulemu.

Ndimalisowa bwalo lija, abale. Ndimasowa fumbi lake ndi phokoso lija ndinkadandaula nalo.

Atamwalira amayi, tinabwerako kumaliro ku Chiosya nyumba ili zii. M'mawa mwake ndinapeza bambo atakhala pansi kuseri kwa khoma, mutu uli pabanga lija, akusuzumira m'mabowo. Aka kanali koyamba kukhala pamenepo.

"Kani ine ankandiona miyendo yokha?" anafunsa.

Ndinawauza zomwe amayi anandinong'oneza kuchipatala: kuti nsapato za bambo a ana zatha chidendene chakumanzere, ndiwagulire zina.