A Makiyi ndi Mipando ya Osabwera

Pa holo yathu pali bambo wina amene tonse timangomutcha a Makiyi, chifukwa makiyi awo amamveka kulira m'chiuno iwo asanatulukire pakona. Ntchito yawo ndi kutsegula, kusesa ndi kuyala mipando. Koma mukalowa m'nyumba mwawo mungaganize kuti mwafika kwa pulofesa, poti khoma lonse ndi masatifiketi okhaokha.

Chinsinsi chake n'chakuti anthu amalembetsa maphunziro a pa holopo mwa changu, tsikulo likafika osaoneka. Ine ndine mlembi, ndipo manyazi a mipando yopanda anthu amagwa pa ine. Ndiye mphunzitsi akayamba kuyang'ana kukhomo, ndinkangokodola a Makiyi. Iwo ankabisa tsache kuseri kwa chitseko, n'kukhala kutsogolo, cholembera chili kale m'manja. Anaphunzira kuweta njuchi, alibe mng'oma. Anaphunzira kuyamwitsa mwakathithi, ndipo anafunsa mafunso kuposa amayi onse. Kulembetsa ankati n'kwa anthu opanda chikhulupiriro.

Chaka chino ndinatopa nazo. Ndinayamba kutumiza uthenga wa pafoni kutatsala masiku awiri. Mukautumiza sabata isanakwane munthu amaiwalanso, mukautumiza dzulo lake simupeza wolowa m'malo. Uthengawo umanena tsiku, nthawi ndi chipinda, kenako umati: "Yankhani INDE ngati mubwera, kapena AYI kuti malo anu tipatse wina." Woyankha AYI, mpando wake umapita kwa amene akudikira.

Ndinauyesa koyamba pa maphunziro a kasamalidwe ka wodwala sitiroko pakhomo. Foni inalira tsiku lonse, INDE, INDE, ena mpaka kuwonjezera "zikomo potikumbutsa". Oti AYI anali ochepa, ndipo odikira analumphira malowo nthawi yomweyo.

Ndikusangalala choncho, ndinamva makiyi pakhomo.

"Achemwali, akuti mukukumbutsa anthu?"

"Eya. Mkuja muno mudzaza."

"Nanga munthu akaiwala, si ufulu wake? Mukuwavutitsiranji anthu ali pa ntchito zawo?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anakhala pa mpando, chipewa pabondo, n'kundiuza zimene ankabisa. Akazi awo anagwa ndi sitiroko miyezi yapitayo, mbali ya kumanja sigwira. Akamawatembenuza pabedi, mayiwo amalira, ndipo iwo sadziwa chimene akulakwitsa. Maphunziro awa okha ndi amene anawafunadi, ndiye ndi omwe ndinawatsekera. Zinandipweteka kwambiri. Koma malo ndinali nditalonjeza kale eni ake, ndipo mphunzitsi anakana kuwonjezera munthu chifukwa aliyense amayenera kuyeserera ndi manja. Ndinangowalemba kumapeto kwa odikira.

Tsikulo a Makiyi anaima pageti ngati mlonda wolusa. Aliyense wolowa ankamulonjera ndi nkhope ya maliro.

"Mwabweradi? Kunyumba mwasiya bwino? Mitambo iyi simukuiona?"

Kunja kunali dzuwa lang'aning'ani. Anthu analowa onse, mpaka mnyamata wina amene analembetsapo kambirimbiri osaoneka anafika atavala tayi. A Makiyi anamuyang'ana ngati wawabera mbuzi.

Maphunziro atayamba, iwo anayamba kupukuta zenera la chipindacho, lomwelomwelo, mpaka galasi linatsala pang'ono kubooka. Mphunzitsi, mayi wamfupi wosachedwa kupsa mtima, anayala matiresi patebulo n'kupempha mmodzi kuti akhale wodwala. Onse anayang'ana pansi. Atavala zovala zabwino, ndani afuna kugubuduzidwa pagulu?

"Inu apazenera," anatero mayiyo, "galasilo layera. Bwerani mudzagone apa."

Sindinaonepo munthu akudwala mokondwa chotero. Anavula nsapato, makiyi anandipatsa ine, n'kugona dzanja lamanja lili lende. Tsiku lonse anthu anawatembenuza mosinthana. Wina anawakoka dzanja lija, iwo anakuwa zenizeni.

"Mwamva?" anatero mphunzitsi. "Dzanja lofooka sitikoka, phewa limavulala. Pindani bondo, gwirani m'chiuno ndi kuseri kwa phewa, ndipo muuzeni kaye wodwala musanamugwire."

A Makiyi anayang'anitsitsa kudenga. Wa tayi uja anatsala pang'ono kuwagwetsa pansi, wina anawatsamiritsa pilo kumaso, koma sanadandaulenso. Madzulo masatifiketi anakwanira olembetsa okha, ndipo iwo sanafunse n'komwe. Anatseka holo mofulumira n'kuthamangira kwawo.

M'mawa mwake anabwera akutsimphina, thupi lonse likuwawa.

"Kunyumba zayenda bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinawauza kaye, ndinapinda bondo, ndinawatembenuza. Sanalire." Anasisita phewa lawo. "Miyezi yonseyi, achemwali, ndimawakoka dzanja lomwe lija. Ndipo ankati akamaliza kulira, amandithokoza."